Jamu wa mango akakana kugwirana

Mu Disembala mango amachuluka pa Chulu mpaka ena kuwolera pansi pa mitengo, ndipo ogula amachita kukuuzani okha mtengo. Jamu amapulumutsako ena mwa mangowo kuti mudzawagulitse mu Epulo ndi Meyi, ndalama za fodya zikayamba kuoneka. Koma wogula akapendeketsa botolo n'kuona jamu akuyenda ngati phala lamadzi, amalibweza. Jamu wotereyu sachedwanso kuchita chuku.

Chimene chimagwiranitsa jamu ndi pekitini, kamata wachilengedwe amene ali m'chipatso, makamaka m'makoko ndi mozungulira nthanga. Payekha sagwira ntchito. Amafuna asidi, kuwawasa kuja kwa mandimu, komanso shuga wokwanira kumwa madzi a m'chipatsocho. Mango akamapsa, pekitini amaphwanyika ndipo kuwawasa kumatha. Ndiye chifukwa chake mango okoma kwambiri kudya ndi amene amavuta kwambiri m'poto.

Tiyerekeze kuti mwasenda maboloma, omwe alibe ulusi wambiri, ndipo mwapeza mnofu wolemera makilogalamu 2. Pamenepo kilogalamu imodzi ndi theka ikhale ya mango akupsa, theka lotsalalo likhale la mango ongoyamba kupsa, olimba ndi owawasa. Finyani mandimu anayi kapena asanu kuti mupeze theka la kapu ya madzi ake. Nthanga za mandimuwo ndi khungu loyera lam'kati musataye: zimangeni m'kansalu koyera n'kuponya m'poto, chifukwa pekitini wambiri ali m'menemo. Phikani pamoto wochepa mpaka mango afewe, shuga musanathire. Mukafulumira kuthira shuga, zidutswa zimalimba ndipo pekitini satuluka bwino.

Apa mungayese pekitini musanawononge shuga wanu, amene ndiye amadya mpamba. Tapani kasipuni kamodzi ka msuzi wa m'potomo, muuziziritse m'kapu, n'kuthiramo tisipuni titatu ta sipiliti wogula kufamase. Pakatha mphindi imodzi, ukaundana n'kukhala chibuluma chimodzi, pekitini alipo wokwanira. Ukangochita timibulu tomwazikana, phikanibe ndi kansalu kaja, kapena onjezerani mango osapsa. Zoyeserazo tayani kutali ndi moto, ndi poizoni.

Tsopano chotsani kansalu mutakafinya, thirani shuga makilogalamu 2, takasani mpaka asungunuke yense, kenako sonkhezani moto kwambiri. Poto akhale wotakata ndipo asadzaze kupitirira theka. Kuwiritsa mwamphamvu kwa mphindi 15 mpaka 25 kumaposa kunyenyerera ola lathunthu, chifukwa moto wautali umapha pekitini yemweyo n'kudetsa jamu.

Ntchito yeniyeni ndi kudziwa pophulira. Mabuku ambiri amati jamu amagwirana pa madigiri 105, koma nambala imeneyi ndi ya malo otsika ofanana ndi nyanja yamchere. Kuno ku Kasungu tili pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97. Amene ali ndi choyezera kutentha ayambe wayeza madzi owira, awonjezere madigiri 4 kapena 5, ndiye kuti aphule cha pa 101. Wodikira 105 kuno adzapeza chinthu chomata ngati switi, chosapakika pa buledi.

Ambirife choyezeracho tilibe, ndipo mbale imakwanira. Yandamitsani mbale yachitsulo pa madzi ozizira a mumtsuko. Thovu likachepa, jamu n'kuyamba kuwira molemera ngati phala la nsima, phulani poto kaye kuti asapitirire kupsa mukuyesa. Donthezani kasipuni kamodzi pambale paja, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako kankhani ndi chala. Pamwamba pakachita makwinya ndipo njira imene chala chadutsa ikatsala yosatsekeka, wapsa. Akabwerera n'kutseka njirayo, bwezerani pamoto mphindi zitatu n'kuyesanso. M'potomo amaoneka wamadzibe ngakhale atakwana, musanyengeke.

Mukayesa katatu kapena kanayi osaona makwinya, vuto si moto ayi, ndipo kupitiriza kuwiritsa n'kungopsereza shuga. Kawirikawiri chaperewera ndi asidi. Finyiranimo ndimu lina, wiritsani mphindi ziwiri, yesaninso. Mandimu akasowa, madzi a chidede kapena ufa wa malambe pang'ono zimathandiza, ngakhale chidede chimasintha mtundu wa jamu. Musapitirize muyeso: asidi akachuluka, jamu amadzatuluka timadzi pamwamba ali m'botolo.

Muyeso umenewu umatulutsa jamu pafupifupi makilogalamu atatu ndi theka, mabotolo asanu ndi awiri a magalamu 500. Mukapeza asanu ndi anayi musasangalale, ndiye kuti madzi atsalamo ambiri. Thirani jamu ali wotentha m'mabotolo owiritsa ndi ouma, tsekani pomwepo, ndipo musawagwedeze mpaka mawa lake, chifukwa kugwirana kumamalizika akazizira. Amene akufuna kuperekera m'masitolo a ku Kasungu boma afunse kaye za chiphaso cha Malawi Bureau of Standards asanasindikize mapepala omata pamabotolo.