Phunziro: Mankhwala Awiri M'thupi Limodzi

Inu akatekisti ndi akhristu amene mumayendera odwala, kawirikawiri mumapeza mapiritsi a kuchipatala pamphasa, ndipo pambali pake botolo la mizu kapena makungwa. Wodwala amaganiza kuti akamwa zonse ziwiri achira msanga. Tiyeni tione chifukwa chake maganizo amenewa ali oopsa, makamaka kwa munthu wakumwa mankhwala a HIV ndi a chifuwa chachikulu.

Poyamba tidziwe ichi: mankhwala amagwira ntchito pokhapokha akakhala m'magazi pa muyeso wake. Akachepa, tizilombo sitifa, koma timaphunzira kuwapirira. Akachuluka, amasanduka ululu. Tsono mapiritsi ambiri amadutsa pa zipata ziwiri, ndizo matumbo amene amawalowetsa m'magazi, ndi chiwindi chimene chimawaphwanya kuti achoke m'thupi. Pa zipata zimenezi ndi pamene mankhwala awiri amalimbanirana.

Chipata choyamba ndi matumbo. Kuyambira chaka cha 2019 anthu ambiri m'Malawi akumwa piritsi lotchedwa TLD, limene lili ndi mamiligalamu 50 a dolutegiravi. Mankhwala ameneyu akakomana m'mimba ndi kashiamu, ayironi kapena maginiziyamu, amamatirana nazo, ndipo ambiri amangotuluka ndi chimbudzi osafika m'magazi. Zinthu zimenezi zimapezeka m'mapiritsi owonjezera magazi, m'mankhwala a kutentha pamtima, ndiponso m'dothi limene amayi ena oyembekezera amakonda kudya. Malangizo ake ndi awa: imwani TLD maola 2 musanamwe mankhwala otere, kapena patapita maola 6 mutawamwa. Dothi lokha lisiyeni ndithu.

Chipata chachiwiri ndi chiwindi. Tiyerekeze kuti bambo wina amamwa TLD m'mawa uliwonse pa 6 koloko, ndipo apezeka ndi chifuwa chachikulu. Kuchipatala amupatsa mankhwala a miyezi 6, ndipo mwa iwo muli rifampisini. Rifampisini amafulumizitsa chiwindi, kotero kuti chimaphwanya dolutegiravi nthawi isanakwane. Dokotala amachidziwa chimenechi, nchifukwa chake amawonjezera piritsi lina la mamiligalamu 50 lakumwa pa 6 koloko madzulo, ndipo bamboyo apitiriza motero mpaka masabata 2 atatsiriza mankhwala a chifuwa. Taonani: vuto lilipo, koma lakonzeka, popeza dokotala akudziwa dzina la mankhwala onse awiri ndi muyeso wake.

Nanga bambo uja akayamba kumwanso botolo la zitsamba limene mlamu wake wabwera nalo? Zitsamba nazo zili ndi mphamvu yeniyeni, ndipo zimadutsa pa chiwindi chomwecho. Ku Ulaya kuli chitsamba cha maluwa achikasu chimene anachipatsa dzina la Yohane Woyera, ndipo anthu amachimwa akakhala ndi chisoni chosatha. M'chaka cha 2000 madokotala a ku Amereka anapeza kuti chimachepetsa m'magazi indinavi, mankhwala a HIV a masiku amenewo, kupitirira theka. Chimafulumizitsa chiwindi monga achitira rifampisini, ndipo sichiloledwa kwa wakumwa dolutegiravi. Chimenecho chinayesedwa. Koma botolo la mlamu palibe analiyesa. Kapu ya lero ikhoza kukhala yaukali kuposa ya dzulo, malinga ndi muzu ndi kawiritsidwe kake. Dokotala sangakonze muyeso wa chinthu chimene sakuchidziwa.

Zotsatira zake zili ziwiri. Ngati zitsamba zachepetsa mankhwala, wodwala samva kanthu poyamba. Zimadziwika patapita miyezi, poyeza magazi, tizilombo tikapezeka tapitirira 1,000 m'mililita imodzi, chonsecho sanadumphe tsiku. Ngati zalemetsa chiwindi, chimene mankhwala a chifuwa amachitopetsa kale, zizindikiro zimaoneka: kusafuna kudya, kusanza, kupweteka kumanja pansi pa nthiti, maso achikasu, ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Musasokoneze ndi mkodzo wofiirira umene rifampisini amabweretsa kuyambira tsiku loyamba, pakuti umenewo suli woopsa. Koma maso akachita chikasu, wodwala apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko mwina adzaimitsa mankhwala a chifuwa mpaka chiwindi chipole, ndipo masiku onsewo matenda akhala akupeza mpata.

Tsono mukapeza botolo lotere, musamudzudzule wodwala, chifukwa adzangolibisa kuseri kwa nkhokwe. Mufunseni mofatsa zonse zimene akumwa ndi nthawi yake, muzilembe papepala, ndipo atenge pepalalo pamodzi ndi botolo popita kuchipatala. Muuzeninso kuti asasiye yekha mapiritsi a dokotala pofuna kupereka malo kwa zitsamba, pakuti tizilombo tikazolowera mankhwala, pamafunika ena ovuta kumwa ndiponso a nthawi yaitali.