Mankhwala a Njoka Akaleka Kugwira Ntchito: Mmene Timadziwira Powerenga Mazira mu Ndowe za Mbuzi

Mvula ikakhazikika kuno ku Vubwi, mbuzi zambiri zimachoka kutchire n'kuyamba kumangiriridwa pa zingwe m'mphepete mwa madambo kuti zisaononge mbewu. Nyengo imeneyi ndiyo imene alimi amabwera kwa ife ndi dandaulo lofanana: anamwetsa mankhwala a njoka za m'mimba, mbuzi zinaoneka ngati zatsitsimuka, koma mwezi usanathe zayambanso kuwonda, ndipo ana a mbuzi ena afa. Ena amati mankhwalawo anali achinyengo, ena amati mbuzi zawazolowera. M'phunziro lino tikufuna kuonetsa kuti maso okha sangaweruze mlanduwu. Umaweruzidwa powerenga mazira a njoka mu ndowe, mbuzi isanamwe mankhwala ndiponso itamwa.

Mdani amene tikulimbana naye

Njoka imene imapha mbuzi ndi nkhosa zambiri m'madera otentha ngati athu imatchedwa himonkasi. Ndi yopyapyala ngati ulusi, yotalika masentimita 2 mpaka 3, ndipo imakhala m'chifu chachinayi momwe imayamwa magazi. Njoka imodzi imatayitsa mbuzi pafupifupi mamililita 0.05 a magazi pa tsiku, choncho njoka 1,000 zimachotsa mamililita 50 tsiku lililonse. Mwana wa mbuzi sangapirire zimenezi kwa nthawi yaitali. M'kati mwa chikope mumayera, ndipo nthawi zina pansi pa chibwano pamatupa madzi. Kawirikawiri mbuzi yotere sitsekula m'mimba, n'chifukwa chake mwini wake amachedwa kuzindikira.

Njoka yaikazi imaikira mazira zikwizikwi pa tsiku. Mazirawo amatuluka ndi ndowe, amaswa pa msipu wonyowa, ndipo timphutsi take timakwera udzu kudikira mbuzi ina. Tikamezedwa, timakula n'kuyamba kuikira mazira pakatha pafupifupi milungu itatu.

Si mbuzi imene imazolowera mankhwala

Pakati pa njoka zambirimbiri, zochepa zimabadwa ndi chibadwa chopirira mankhwala ena ake. Tikamwetsa mankhwala, zofooka zimafa ndipo zopirirazo zimatsala. Zotsalazo ndizo zimaikira mazira, ndipo ana ake amatengera makolo. Tikabwereza mankhwala omwewo kawirikawiri, timakhala ngati mlimi amene chaka ndi chaka amazula maudzu onse n'kumasiya kaufiti yekha: potsiriza munda wonse umadzala kaufiti. Choncho kusamva mankhwala kuli mu mtundu wa njoka za pa khola ndi pa msipu, osati m'thupi la mbuzi. Mbuzi yogulidwa kwina ikhoza kubwera nazo njoka zoterozo m'mimba mwake.

Mankhwala amene timawapeza m'masitolo ali m'mabanja atatu aakulu. Banja loyamba ndi la alubendazo ndi anzake, amene ambiri amawatchula kuti mankhwala oyera. Lachiwiri ndi la levamiso, ndipo lachitatu ndi la aivamekitini. Njoka yosamva mankhwala amodzi kawirikawiri siimvanso ena a m'banja lomwelo. Motero kusintha botolo kapena dzina la kampani sikuthandiza ngati mankhwala a m'katimo ali a banja limodzi.

Vutoli si la maiko akutali okha. Kafukufuku amene anafalitsidwa m'chaka cha 2001 anayesa mankhwala a mabanja atatuwa pa mafamu asanu ndi limodzi a nkhosa ozungulira Lusaka ndi Chisamba, ndipo pa mafamu asanu anapeza njoka zosamva alubendazo. Njira imene anagwiritsa ntchito ndi yomwe tikufotokoza pano.

Kukonzekera kuyesa

Pa mankhwala alionse amene tikufuna kuyesa timafunika mbuzi 10 mpaka 15, makamaka zazing'ono za miyezi itatu kufika isanu ndi umodzi, pakuti ndizo zimakhala ndi mazira ambiri. Zikhale zoti sizinamwe mankhwala a njoka kwa milungu isanu ndi itatu kapena kupitirira. Ambiri a ife tilibe mbuzi zochuluka chotere, koma mabanja amene mbuzi zawo zimadya pa dambo limodzi angathe kuziphatikiza, popeza njoka za pa dambolo n'zimodzi. Mbuzi iliyonse ipatsidwe nambala kapena chizindikiro chosafufutika.

Ndowe timazitenga m'thupi mwa mbuzi ndi chala chovekedwa gulovu, osati kutola pansi, chifukwa za pansi sitidziwa mwini wake ndipo zimasakanikirana ndi tizilombo ta m'dothi. Timibulu 8 kapena 10 tikwanira. Timaziika m'kapepala ka pulasitiki, kufinya mpweya wonse, kumanga ndi kulemba nambala. Zisungidwe pozizira koma zisaume ndi chisanu, ndipo ziwerengedwe msanga, pakuti pa kutentha mazira amayamba kuswa pakangotha tsiku limodzi, ndipo dzira loswa siliwerengekanso. Ndi bwino kupangana tsiku ndi alangizi a za ziweto a boma musanayambe, kuti ndowe zisagone m'njira.

Tsiku lomwelo timayeza mbuzi iliyonse pa sikelo, n'kuimwetsa mlingo wolingana ndi kulemera kwake, pogwiritsa ntchito sirinji yoikidwa pamwamba pa lilime chakumbuyo. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Thupi la mbuzi limachotsa mankhwala msanga kuposa la nkhosa, choncho mlingo wa nkhosa wolembedwa pa botolo umaichepera mbuzi. Madokotala a ziweto amapereka alubendazo wochuluka pafupifupi kawiri, ndi levamiso wochuluka kamodzi ndi theka. Levamiso akapitirira pamenepo akhoza kupha mbuzi, ndipo alubendazo sapatsidwa kwa mbuzi imene yangotenga bere. Mlingo ukhazikitsidwe ndi dokotala kapena mlangizi.

Pakatha masiku 14 timatenganso ndowe kwa mbuzi zomwe zija. Masikuwa ali ndi chifukwa chake. Tikafulumira, njoka zimene zangoledzera ndi mankhwala osafa zimakhala zitaleka kuikira mazira kwa kanthawi, ndipo timanamizika kuti zafa. Tikachedwa kufika milungu itatu, timphutsi timene mbuzi yameza itamwa kale mankhwala timakhala titayamba kuikira, ndipo timaimba mlandu mankhwala osalakwa.

Kawerengedwe kake

Njira yodziwika kwambiri ndi ya Makimasita. Timayeza magalamu 2 a ndowe n'kuwaphwanya mu mamililita 28 a madzi osungunuliramo mchere mpaka wina ukutsalira pansi. Madzi otere ndi olemera kuposa mazira, choncho mazira amayandama. Timasefa ndi sefa ya tiyi, kuvundula, n'kudzaza tizipinda tiwiri ta kagalasi kapadera kokhala ndi mizere. Pakatha mphindi zisanu timawerenga pa maikulosikopu mazira onse ali m'kati mwa mizereyo. Tizipinda tiwirito timanyamula gawo limodzi mwa magawo 50 a galamu ya ndowe, motero chiwerengero chimene tapeza timachichulukitsa ndi 50. Mazira 24 akuimira mazira 1,200 pa galamu.

Chitsanzo

Tiyerekeze kuti mabanja anayi a pa dambo limodzi asonkhanitsa ana a mbuzi 20. Khumi amwetsedwa alubendazo, khumi ena levamiso. M'gulu la alubendazo, mazira pa galamu asanamwe anali 800, 1,250, 600, 2,100, 950, 1,500, 700, 1,800, 1,100 ndi 1,200. Tikaphatikiza tipeza 12,000, ndipo tikagawa ndi mbuzi khumi tipeza 1,200. Pa tsiku la 14, mbuzi zomwezo zinali ndi 150, 350, 100, 600, 250, 400, 150, 500, 200 ndi 300. Pamodzi ndi 3,000, ndiye kuti 300 pa mbuzi iliyonse. Tsopano tichotse chiwerengero chachiwiri pa choyamba, tigawe ndi choyamba, n'kuchulukitsa ndi 100:

(1,200 − 300) ÷ 1,200 × 100 = 75

Mazira atsika ndi 75 pa 100 alionse. Malinga ndi muyeso umene bungwe la padziko lonse la akatswiri a tizilombo ta ziweto linafalitsa mu 1992, mankhwala ogwira bwino ntchito ayenera kutsitsa mazira ndi 95 pa 100 kapena kuposa. Choncho pa dambo ili alubendazo wagonja. M'gulu la levamiso mazira atsika kuchoka pa 1,100 kufika pa 20, kutanthauza 98 pa 100: levamiso akugwirabe ntchito.

Taonani chinyengo chimene chili m'gulu loyambalo. Mbuzi imene katundu wake wa njoka wapepuka ndi magawo atatu mwa anayi imayambanso kudya ndi kudumpha, ndipo mwini wake amayamikira mankhwala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: njoka zotsalazo zikuthira mazira osamva mankhwala pa msipu tsiku ndi tsiku.

Malire a njirayi

Zotsatira zoipa sizitsimikiza kusamva mankhwala pokhapokha titatsimikiza kaye kuti mankhwala sanathe nthawi yake, sanakhale padzuwa, sanathiridwe madzi, ndiponso kuti mbuzi sinalavule. Pokhala ndi chikaiko, tibwereze ndi botolo lina la kwa wogulitsa wovomerezeka.

Mazira akakhala ochepa poyamba, masamu amasokeretsa. Popeza dzira limodzi limaimira 50, gulu limene lili ndi mazira osafika 150 pa galamu silingatiuze zodalirika. Ndiponso zotsatira zoyandikira malire, monga 92 kapena 94 pa mbuzi khumi zokha, n'zongokaikitsa. Zimafuna kubwereza ndi mbuzi zambiri.

Njirayi imaona vuto litakula kale. Pa mankhwala oyera, akatswiri anapeza kuti siionetsa bwino kusamva mpaka njoka zosamvazo zitafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Komanso mazira a himonkasi amafanana ndi a njoka zina za m'matumbo, kotero kuti pofuna kudziwa mtundu umene wapulumuka, ndowe zimasungidwa ku labotale kwa sabata kapena kupitirira kuti timphutsi tiswe tizindikirike.

Zochita tikalandira zotsatira

Mabanja a m'chitsanzo chathu ayenera kusiya mankhwala oyera pa njoka zimenezi, podziwa kuti kusamva kukakhazikika sikutha msanga ngakhale mankhwalawo atapumitsidwa zaka. Chuma chawo tsopano ndi levamiso, ndipo akachimwaza pomwetsa khola lonse mwezi ndi mwezi, nachonso chidzatha.

Njira yochisungira ndiyo kusiya dala njoka zina zosakumana ndi mankhwala, kuti mazira a njoka zomvera azichuluka pa msipu kuposa a zosamva. Onaninso manambala aja: mbuzi zitatu zokha, za 2,100, 1,800 ndi 1,500, zinali ndi pafupifupi theka la mazira onse. Umu ndi mmene zimakhalira m'makola ambiri. Khadi la Famacha, limene linapangidwa ku Joni, limathandiza kupeza mbuzi zoterezi poyerekeza mtundu wa m'kati mwa chikope ndi mitundu isanu, kuyambira wofiira mpaka woyera. M'nyengo ya mvula tiyang'ane zikope milungu iwiri iliyonse, timwetse zoyera ndi zotuwa, ndipo zofiira tizisiye. Mbuzi imene imafuna mankhwala nthawi ndi nthawi ndiyo yoyenera kugulitsidwa poyamba, masiku olembedwa pa botolo oletsa kudya nyama yake atakwana.

Mbuzi yogulidwa kumene ikhale kaye payokha, imwetsedwe monga alangizi anenera, ndipo ndowe zake ziyesedwe pakatha masiku 14 isanasakanizidwe ndi zinzake. Kuyesa kwa gulu lonse kubwerezedwe pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, m'nyengo ya mvula pamene mazira ali ambiri, ndipo manambala alembedwe m'buku la kalabu kuti zotsatira zatsopano zidzakhale ndi zoyerekezera nazo.