Kafukufuku Wachitikira ku Chipera: Dzina la Ndani Lilembedwe?

Tiyerekeze kuti wophunzira wa pa Universidade Zambeze ku Tete wadzachita kafukufuku wa malungo ku Chipera, m'boma la Maravia. Wagwira ntchito ndi mphunzitsi wake, namwino wa pachipatala, womasulira Chipwitikizi m'Chinyanja, komanso mkulu wa ofesi amene anapereka chilolezo ndi galimoto.

Kodi onse asanu ndi alembi?

Ayi. Magazini ambiri a zaumoyo amatsata malamulo a ICMJE, bungwe la akonzi lomwe linayambira pa msonkhano wa ku Vancouver mu 1978. Kuyambira 2013 zofunika zilipo zinayi, ndipo mlembi azikwaniritse zonse: atenge mbali yaikulu pokonza kafukufuku, posonkhanitsa kapena pounika zopezeka, alembe nawo kapena akonze mozama zolembedwazo, avomereze lipoti lomaliza, avomerenso kudzayankha pakabuka mafunso. Mkulu wa ofesi uja sanachite ngakhale chimodzi mwa izi. Chilolezo ndi galimoto n'zoyenera kuthokoza kumapeto kwa lipoti, ndipo iye avomereze polemba kuti atchulidwe.

Nanga namwino, poti sanalembe chiganizo n'chimodzi chomwe?

Apa ndi pamene anthu a kumidzi amaponderezedwa kawirikawiri. Tinene kuti namwinoyo anayeza magazi a ana miyezi 6, anaona kuti funso lina limasokoneza azimayi, nalikonza, n'kufotokozanso chifukwa chake odwala amachepa m'kaundula mitsinje ikadzaza: si kuti malungo atha, koma njira zaduka. Chofunika choyamba wachikwaniritsa. Malamulo omwewo amati munthu wotere apatsidwe mpata wokwaniritsa zinazo. Kungolemba lipoti m'Chingelezi osamuonetsa, kenako n'kumati sanalembe nawo, n'kumubera. Mutumizireni, mumufotokozere m'Chipwitikizi kapena m'Chinyanja, ndipo ndemanga zake zilowe. Womasulira akangomasulira mafunso amathokozedwa. Akathandiza kutanthauzira mayankho, amayezedwa ndi muyeso womwewo.

Ayambe ndani, atsirize ndani?

ICMJE sikonza mndandanda; imasiyira alembi onse kuti agwirizane. Mwa chizolowezi cha zaumoyo, woyamba ndi amene wasenza ntchito yambiri n'kulemba koyamba, apa wophunzira. Wotsiriza ndi woyang'anira, mphunzitsi. Namwino akhala pakati. A masamu kawirikawiri amangotsata afabeti, choncho funsani chizolowezi cha phunziro lanu.

Tikambirane liti?

Musananyamuke ku Tete. Lembani ntchito ya aliyense ndi malo a dzina lake, onse asaine, ndipo muunikenso ntchito ikasintha. Mukaona dzina la munthu amene sangafotokoze zimene zapezeka, kapena mukasowa dzina la aliyense wa kumene kafukufuku anachitikira, pali cholakwika.

Tikakangana lipoti litatumizidwa kale?

Mkonzi wa magazini saweruza mlanduwo. Amaubweza ku sukulu kapena bungwe lomwe linayendetsa kafukufuku. Kuwonjezera kapena kuchotsa dzina kumafuna kalata yofotokoza chifukwa, yosainidwa ndi alembi onse pamodzi ndi amene akulowa kapena kuchotsedwayo.