Lembani zomwe muli nazo musanasankhe ntchito yapambali

Alimi ambiri amasankha ntchito yapambali poona mnzawo. Mnansi akagulitsa nkhuku pa Khirisimasi n'kugula malata, mudzi wonse umafuna anapiye. Koma phindu la mnansi silikuuzani ngati inu muli ndi zomwe iye anali nazo poyamba. Nchifukwa chake m'phunziro lino tiyamba ndi kope ndi pensulo. Gawani tsamba panayi, mulembe nthawi yomwe mumakhala opanda ntchito, luso lanu, zida zanu, ndi ndalama zomwe mwasunga.

Gawo la nthawi ndilo limanyenga kwambiri. Musalembe chabe kuti "ndili ndi maola 3 pa tsiku", pakuti chaka cha mlimi sichifanana. Lembani mwezi ndi mwezi. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, kubzala, kupalira ndi kuthira feteleza kumadya tsiku lonse, ndipo amene asiya udzu m'chimanga masabata oyamba kuti athamangire malonda amataya zambiri kumunda kuposa zomwe apeza kumsika. Meyi ndi Juni ndi ya kukolola. Mpata weniweni umapezeka kuyambira Julaye kufikira Okutobala. Lembaninso ngati maolawo ndi otsatizana kapena odukaduka. Ola limodzi m'mawa ndi lina madzulo likwanira kuthirira dimba, koma silikwanira kupita ku Katete ndi katundu pa njinga n'kubwerako. Amayi achotseretu nthawi yotunga madzi, ya kuchigayo ndi ya ku sikelo ya ana, chifukwa ntchito zimenezi sizidikira.

Pa luso lembani zokhazo zomwe munachitapo ndi manja anu kufikira mapeto, osati zomwe munangoonerera. Pa zida lembani zomwe zikugwira ntchito lero. Ngolo yopanda tayala si ngolo, ndipo mpope wobwereka mwini wake adzaufuna tsiku lomwe inunso muufuna. Pa ndalama chotsani ya feteleza ndi mbewu, ya kusukulu, ndi yosungira matenda. Yotsalayo ndiyo mpamba wanu.

Tiyerekeze mayi amene wasunga K1,800. Atachotsa zonsezi watsala ndi K700. Ali ndi maola 4 pa tsiku m'chilimwe, awiri m'mawa ndi awiri madzulo. Anakulira m'dimba la makolo ake, ali ndi makheni awiri a malita 10, khasu, njinga, ndi malo pafupi ndi chitsime cha m'dambo. Mtima wake uli pa nkhuku zanyama 50.

Nkhuku yotere imadya chakudya chokwana pafupifupi makilogalamu 4 m'masabata 6, choncho nkhuku 50 zifuna matumba 4 a makilogalamu 50. Tingoyerekeza kuti thumba ndi K600 ndipo mwanapiye ndi K20: zakwana K3,400, tisanawerengere katemera ndi makala otenthetsera anapiye masabata awiri oyamba. Nthawi ali nayo, koma mpamba ulibe. Choopsa nchakuti ndalamayo imathera pakati, pamene nkhuku zikudya kwambiri koma sizinafike pogulitsa. Mwini amayamba kuzipatsa gaga, zimapinimbira, ndipo amazigulitsa motaya. Ngongole ya katapira siithetsa vutoli, imangolikulitsa.

Dimba la repu ndi losiyana. Mbewu, manyowa a m'khola ndi feteleza pang'ono zikwanira mu K700 n'kutsalako. Mbande zimakhala m'nazale masabata 3 kapena 4, ndipo pakapita mwezi chiwokereni amayamba kuthyola, n'kumagulitsa sabata ndi sabata. Apa chopereŵera si ndalama koma nthawi, ndipo nayonso iyenera kuwerengedwa. Kukatentha, bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali limamwa malita pafupifupi 50 pa tsiku. Mabedi 20 afuna malita 1,000, ndiwo maulendo 50 ndi makheni awiri. Ngati ulendo uliwonse, kutunga ndi kuthirira komwe, utenga mphindi 4, kuthirira kokha kwadya maola 3 ndi mphindi 20. Sipatsala mpata wopalira, wothyola kapena wogulitsa. Mayiyu ayambe ndi mabedi 10, aphimbire ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathawe msanga, ndipo afunse kaye anansi ngati chitsimecho chimafika Okutobala chisanaphwe.

Chatsala ndi funso lomwe kope silingayankhe: agula ndani? Asanafese, apite kumsika masiku awiri kapena atatu, awerenge ogulitsa repu, aone ngati ndiwo zimatha kapena zimafota pa thebulo. Akapeza kuti zimatsala, agawe mabedi, ena akhale a anyezi, amene amachedwa kukhwima koma akaumitsidwa bwino amasungika kudikira mtengo. Ndipo phindu la repu akamaliika m'chilimba, nkhuku zija angaziyambe chaka chamawa ndi anapiye 25, chakudya chonse cha masabata 6 atagulira limodzi ndi anapiyewo.