Kasikodi: thiranzisita ziwiri zoberekana

Anzanga, ndikamalumikiza ampulifaya ya kasikodi ndimatenga thiranzisita ziwiri, ina pansi ina pamwamba. Siginolo imalowera pa besi ya yapansi, ndipo kolekita yake imapita ku emita ya yapamwamba. Besi ya yapamwambayo ndimaiika pa voteji yosasintha.

Bwanji osangogwiritsa ntchito imodzi? Pakati pa besi ndi kolekita pali kapasitansi yaing'ono, tinene 2 pF. Thiranzisita ikamakuza siginolo ka 100, besi ikakwera pang'ono kolekita imatsika mowirikiza ka 100. Choncho polowera siginolo kapasitansi ija imaoneka ngati C(1 + A), ndiye kuti 202 pF. Vutoli limatchedwa ndi dzina la John Miller, amene analifotokoza mu 1920, ndipo limafooketsa siginolo za fulikwense yokwera.

Mu kasikodi, emita ya yapamwamba imagwira kolekita ya yapansi kuti isagwedezeke kwambiri. Apa A imatsikira pafupifupi pa 1, ndipo 202 pF ija imasanduka 4 pF basi. Kukuza voteji kumachitikira pamwamba.

Palinso phindu lina. Voteji yotulukira ikasintha, yapansi siimva kwenikweni, motero karenti siisintha. Ndiko kukwera kwa rezisitansi yotulukira: pafupifupi β × ro. Ngati β ndi 100 ndipo ro ndi 50 kΩ, timapeza 5 MΩ.

Koma samalani. Mukaika rezisita ya 5 kΩ pa kolekita yapamwamba, phindu limeneli latha, chifukwa yaing'onoyo ndiyo imalamula. Komanso thiranzisita ziwirizi zimagawana voteji ya batire. Ikachepa, siginolo yotuluka imadulika nsonga.