Mfundu ikatsikira ku nsidze

Mlamu wanga amakhala ku Wusakile, mu Kitwe, ndipo amagwira ntchito pansi pamgodi. Tsiku lonse mutu wake umakhala m'chisoti cholimba chija, thukuta lili kamukamu. Choncho atayamba kuona tinthu toyera tikugwera pa kolala, sanadabwe. Anati ndi mfundu, imene pafupifupi theka la anthu akuluakulu amakhala nayo nthawi ina. Anameta mpala, n'kumadzola mafuta ambiri kuti khungu lisaume.

Pofika Juni, mphepo yozizira itayamba, kuyabwa kunakula. Nkhanambo zonona, zachikasu, zinaoneka mu nsidze, m'mbali mwa mphuno ndi kuseri kwa makutu. Mnzake wina anamuuza za kirimu wa m'kachubu wogulitsidwa pabenchi pamsika, womwe ena amadzola kuti ayere khungu. Anadzola, ndipo m'masiku ochepa nkhope inasalala. Atasiya, vutolo linabwerera mwamphamvu kuposa kale. Anagulanso, kenaka anagulanso. Miyezi itapita, khungu la m'mbali mwa mphuno linali litapyapyala, latuwa, ndipo tiziphuphu tinamera mozungulira kamwa.

Chimene mlamu wanga sankadziwa n'chakuti matenda ake anali atadutsa kale pa mfundu wamba. Madokotala amawatcha seboriki dematayitisi. Gwero la mavuto awiriwa ndi limodzi. Pakhungu la munthu aliyense pamakhala tizilombo ta mtundu wa yisiti totchedwa Malaseziya, timene timadya mafuta omwe khungu limatulutsa. Zotsala zake zimanyerenyetsa khungu la anthu ena, ndipo khungulo limayamba kufunduka msanga. Zikathera pamenepo, ndiyo mfundu: tizidutswa toyera, topepuka ngati gaga, kuyabwa pang'ono, ndipo zonse zili m'mutu mokha, khungu la pansi pake likuoneka bwinobwino. Koma khungu likatupa ndi kusintha mtundu, nkhanambo zikakhala zokhuthala, zonona ndi zomatirira, ndiponso zikafika kumalo ena a mafuta ambiri, monga nsidze, ndevu, makutu ndi pakati pa chifuwa, dzina lasintha ndipo mankhwala ake ayenera kukhala amphamvupo.

Apa pali msampha kwa ife a khungu lakuda. Mabuku ambiri amati muyang'ane kufiira, koma pa ife kufiirako sikuonekera bwino. Chimene chimaoneka ndi zigamba zotuwa, zowala kuposa khungu lozungulira, makamaka m'malire a tsitsi ndi m'mbali mwa mphuno, ndipo nthawi zina zigamba zoderapo. Ambiri akaziona amati ndi zikanga kapena chipere, n'kugula mankhwala olakwika.

Kirimu uja anali ndi siteroidi wamphamvu, wa gulu la betametazoni kapena kilobetazolo. Mankhwala otere amazimitsa kutupa msanga, n'chifukwa chake munthu amakhulupirira kuti wapeza wom'chiritsa. Koma yisiti uja samugwira, ndipo akadzoledwa kunkhope kwa nthawi yaitali amadya khungu. Zimandipweteka kuti machubu amenewa, oyenera kuperekedwa ndi dokotala, amapezeka pambali pa sopo ndi zipeso, pamene bungwe la ZAMRA lilipo loyang'anira mankhwala m'dziko muno. Mafuta aja nawonso sanathandize. Mfundu si kuuma kwa khungu, ndipo mafuta ena ochokera ku zomera, monga a olivi, ndi chakudya cha yisiti yemweyo.

Mlamu atapita kuchipatala, dokotala anamuyang'ana m'makutu ndi pachifuwa, n'kunena kuti: "Bambo, kachubuko mukasiye. Masiku oyamba nkhope iwawa, koma musabwerereko." Anamulembera shampu ya ketokonazolo ya 2%, yosambira kawiri pa sabata kwa masabata anayi, ndi kirimu wa ketokonazolo yemweyo wodzola kunkhope. Kwa amene khungu lawo silinaonongeke ndi siteroidi, madokotala nthawi zina amawonjezera haidirokotizoni wa 1% kwa masiku ochepa chabe, kuti kuyabwa kuchepe.

Langizo lalikulu linali la kasambidwe. Shampu yotere ndi mankhwala a khungu, osati sopo wa tsitsi. Mumaipaka pakhungu la m'mutu ndi nsonga za zala, thovu lake n'kulifikitsa ku nsidze, kuseri kwa makutu ndi m'ndevu, mosamala kuti lisalowe m'maso, kenaka mumadikira mphindi zitatu mpaka zisanu musanatsukuluze. Munthu wosamba mothamanga pa bafa ya kumgodi, amene amapaka n'kuthira madzi nthawi yomweyo, akutaya ndalama zake. Ambiri amene amati shampu sinagwire ntchito analakwitsa pamenepa.

Amene ali ndi mfundu wamba safunika kuyambira pa ketokonazolo ya 2%. Tembenuzani botolo, muwerenge kumbuyo. Zinki pirithiyoni wa 1% kapena pirokitoni olamini amachepetsa yisiti mokwanira ngati musamba nazo kawiri kapena katatu pa sabata. Dziwani kuti maiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya analetsa zinki pirithiyoni m'zodzola kuyambira mu 2022, n'chifukwa chake mabotolo ena atsopano ali ndi pirokitoni m'malo mwake. Seleniyamu salifaidi amagwira mavuto onse awiri: wa 1% pa mfundu, wa 2.5% pa matenda aakulu aja. Koma amanunkha, ndipo amatha kusintha mtundu wa tsitsi lodaya kapena la imvi ngati simutsukuluza bwino. Salisiliki asidi sapha yisiti. Ntchito yake ndi kufewetsa nkhanambo zokhuthala kuti zichoke, motero amathandiza akamasinthana ndi ketokonazolo, osati payekha.

Amayi oluka tsitsi kapena oliwongola ndi mankhwala ali ndi vuto lina. Kusamba m'mutu kawiri pa sabata n'kovuta, ndipo shampu zimenezi zimatha kuumitsa tsitsi mpaka kumaduka. Njira yake ndi kupaka mankhwalawo m'mizere ya khungu pakati pa zoluka, kamodzi pa sabata osalephera, n'kuwasiya nthawi yokwanira, kenaka kufewetsa tsitsi lokha ndi kondishona. Kukhala mwezi wathunthu osasamba m'mutu pofuna kusunga zoluka kumakulitsa matendawa.

Dokotala uja anapemphanso mlamu kuti ayezetse magazi. Iye anakhumudwa, koma pempholo linali loyenera. Matendawa akabuka mwadzidzidzi, akafalikira kwambiri, kapena akakana mankhwala, nthawi zina amakhala chizindikiro choyamba chakuti chitetezo cha m'thupi chatsika, ndipo bungwe la WHO limawaika pa zizindikiro za gawo lachiwiri la HIV. Anthu ambiri odwala khunguli alibe kachilomboko, monganso mlamu anapezeka alibe, koma kuyezetsa m'zipatala za boma n'kwaulere.

Nkhope yake inatenga miyezi kuti mtundu ubwerere. Matendawa satheratu: amabweranso nyengo yozizira, kapena munthu akatopa ndi kuda nkhawa, choncho iye amasambabe ndi ketokonazolo kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri. Sapatsirana, ndipo sabwera chifukwa cha uve.

Chenjezo lina ndi la ana. Mwana wa kupulaimale sakhala ndi mfundu kawirikawiri, popeza khungu lake silinayambe kutulutsa mafuta ambiri. Mukaona nkhanambo m'mutu mwake pamodzi ndi malo othothoka tsitsi, chimenecho mwina n'chipere, chimapatsirana kudzera m'makina ometera, ndipo chimafuna mankhwala akumwa. Shampu yokha sichichiza. Pitani naye ku kiliniki yapafupi, imene ingamutumize ku chipatala cha ana cha Arthur Davison ku Ndola ngati pakufunika. Inunso akuluakulu, mukasamba ndi shampu yoyenera kwa masabata anayi osaona kusintha, kapena nkhanambo zikafika kunkhope, kaonaneni ndi dokotala musanagule kachubu kalikonse.