Manambala atatu a pamwendo wa magalasi a maso

Munthu wa ku Chama akathyola magalasi a maso, ulendo wokafuna fulemu ina umatha kumufikitsa ku Lundazi, mwinanso mpaka ku Chipata. Ambiri amangotuma mbale amene akupita kumeneko. Koma mbaleyo akasankha bwanji, poti nkhope si yake?

Saizi ya fulemu imalembedwa m'kati mwa mwendo umene umakola kukhutu, nthawi zina pakachitsulo ka pamphuno. Pamakhala manambala atatu ang'onoang'ono, monga 52□18 140, ndipo onse ndi mamilimita.

Yoyamba, 52, ndi m'lifupi mwa galasi limodzi, kuyeza mopingasa pamene latambalala kwambiri. Mafulemu ambiri amakhala pakati pa 40 ndi 60. Yachiwiri, 18, ndi mpata wa pakati pa magalasi awiriwo, pamene pamalowa mphuno, ndipo kawirikawiri imakhala pakati pa 14 ndi 24. Yachitatu, 140, ndi kutalika kwa mwendo wonse, kuwerengera ndi mbali yopindika ija. Ya akuluakulu yofala ndi 135, 140 ndi 145.

Yovutitsa ndi yapakatiyo. Mpata ukakula, magalasi amatsetsereka, makamaka m'chitungu cha Okutobala m'chigwa cha Luangwa thukuta likuyenderera, ndipo mwini amangokhalira kuwakankha ndi chala. Ukachepa, amatsina ndi kusiya zidindo pamphuno. Kwa amene mphuno yawo ndi yaphwatalala m'mwamba, fulemu ya timapilo tiwiri topindika imagwira bwino kuposa yapulasitiki, chifukwa timapiloto wokonza magalasi amatha kutisendeza.

Mwachitsanzo, telala amene ankavala 52□18 140 bwinobwino amubweretsera 56□20 140. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma magalasi ndi awiri: 4 kuno, 4 uko, ndi 2 wa pamphuno, fulemu yakula ndi mamilimita pafupifupi 10. Akawerama pamakina, magalasi amathawira kunsonga ya mphuno. Akakhala aja ogula okonzeratu, maso sayang'aniranso pakati pa galasi, ndipo mutu ungayambe kuwawa. Kusiyana kwa milimita imodzi kapena awiri pagalasi nkopiririka.

Manambalawa sanena mphamvu ya magalasi. Mphamvu imalembedwa mwa njira ina, monga +2.00, ndipo amaipeza ndi a zamaso akapima munthu. Sanenanso maonekedwe: mafulemu awiri a 52□18, ina yozungulira ina yamakona, sangabwerekane magalasi. Wofuna kusamutsa magalasi akale atumize magalasiwo kuti wokonza akaone ngati angalowe.

Thukuta limafufuta manambalawa pakapita nthawi, choncho ndi bwino kuwakopera m'buku lakuchipatala fulemu ikadali yatsopano. Ngati anafufutika kale, lula ya mwana wasukulu ikwanira: ayeze galasi limodzi, mpata wa pamphuno, ndi mwendo kuyambira pakasikuluu mpaka popindika, nkuwonjezapo kachigawo kotsalako.